Msonkhano wa ola lathunthu pa mafunso atatu: ndiukane bwanji osaoneka wamwano?

Tadala: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito ku akaunti. Mkulu wa dipatimenti ya mapulojekiti wandiitanira ku msonkhano kudzera pa kalendala, Lachinayi kuyambira 10 koloko mpaka 11 koloko. Tonse pamodzi ndi iwowo tikhala anthu 6. Mutu wake angolemba kuti "Za ndalama za kotala yachitatu", ajenda palibe. Koma dzulo titakumana pakhomo la ofesi anandiuza okha zomwe akufuna: ndalama zomwe zapita pa maulendo, zomwe zatsala mu bajeti yawo, ndi tsiku lomwe lipoti la kotala lituluke. Zonsezi ndikhoza kuyankha pa imelo m'mizere isanu. Lachisanu ndikuyenera kutseka mabuku a mwezi, ndiye ola limenelo ndikulifuna kwambiri. Si bwana wanga mwachindunji, koma ndi aakulu kwa ine ndipo timagwira ntchito limodzi mwezi ndi mwezi. Ndikane bwanji osaoneka ngati ndikuwaderera?

Kondwani: Achemwali, batani la `Decline` analiika kuti lizigwira ntchito. Dinani basi. Anthu 6 kwa ola limodzi ndi maola 6 a kampani, chifukwa cha manambala atatu. Mu Januwale 2023 kampani ya Shopify inafufuta pa makalendala a antchito ake misonkhano yobwerezabwereza ya anthu oposa awiri, ndipo kampaniyo ilipobe mpaka lero. Mantha athuwa ndi amene amadzaza makalendala.

Yamikani: Ine ndimangodina `Tentative` kenako tsikulo ndimati ndinatanganidwa ndi zadzidzidzi. Kapena nenani kuti muli ndi nthawi yokaonana ndi dokotala. Palibe amafunsa zambiri.

Mayi Nachisale: A Kondwani, masamu anu ndi oona, koma chitsanzo chanu sichikumuthandiza Tadala. Ku Shopify amene anafufuta misonkhano ndi akuluakulu a kampani, lamulo linachokera pamwamba ndipo linakhudza aliyense mofanana. Palibe amene anamva kuti wakanidwa iye payekha. Apa ndi wantchito mmodzi akuyankha munthu mmodzi amene wamuitana ndi dzina.

A Yamikani, za dokotalazo ayi. Bodza lotere limangosuntha msonkhano. Bwanayo anena kuti pepani, tiyeni tiuike Lolemba, ndipo ola lija likudikiranibe, kuwonjezapo bodza loti muzilikumbukira.

Ndagwira ntchito yosunga makalendala a mabwana kwa nthawi yaitali, ndipo chimene ndachiona ndi ichi: woitana sakwiya chifukwa choti simunabwere. Amakwiya akaona kuti chimene amafuna chatsala m'malere, ndipo inu simukusamala. Ndiye Tadala, usayambe ndi kukana. Yamba ndi kuwapatsa zimene akufunazo, kukanako kubwere pambuyo ngati pempho. Talemba pano zomwe ukufuna kutumiza tione.

Tadala: Ndinalemba izi koma sindinatumize:

"Bwana, ndikuona kuti nkhaniyi sikufunika msonkhano. Tikhoza kungokambirana pa imelo. Ndili ndi ntchito yambiri sabata ino. Zikomo."

Kondwani: Ili bwino iyi. Yaifupi, yomveka.

Mayi Nachisale: Yaifupi inde, koma taiwerengani ngati ndinu amene munaitanitsa msonkhanowo. Chiganizo choyamba chikuwauza kuti analakwitsa kuganiza. Wamng'ono akuweruza chisankho cha wamkulu, ndipo akuchita zimenezo asanapereke kanthu. Chachiwiri chikuwabwezera ntchito: tsopano akhale pansi alembe mafunso amene anakuuza kale pakamwa. Chachitatu ndiye chowawa kwambiri, chifukwa aliyense mu ofesi ali ndi ntchito yambiri. Akamva zimenezo amamva kuti ntchito yako ndi yofunika, yawo ndi yosokoneza. Akamaliza kuwerenga, m'manja mwawo mulibe nambala ngakhale imodzi.

Ine ndikanalemba chonchi, manambala uikepo enieni ako:

"Bwana, zikomo pondiitana. Kuti musadikire mpaka Lachinayi, nazi zimene munandifunsa dzulo. Pa maulendo, pofika pa 30 Sepitembala mwagwiritsa ntchito 72 peresenti ya gawo la chaka chino. Mu bajeti yonse ya dipatimenti mwatsala 31 peresenti. Lipoti la kotala likupezani Lachitatu sabata ya mawa. Tsatanetsatane ali mu failo yomwe ndaikayi.

Lachinayi m'mawa ndidzakhala ndikutseka mabuku a mwezi, omwe akufunika Lachisanu. Ngati izi zayankha zonse, ndikupempha kuti mundilole ndisakhale nawo pa msonkhanowo. Koma ngati pali china chofunika kukambirana pakamwa, ndili ndi mpata wa mphindi 15 Lachinayi lomwelo 2 koloko masana, kapena Lolemba m'mawa."

Taona kusiyana kwake. Akulandira yankho msanga kuposa mmene akanalilandirira ku msonkhano wawo womwe. Chifukwa chako chili ndi dzina ndi tsiku, ndipo ndi ntchito imene iwonso akuidziwa kuti siisunthika. Ndipo chisankho chomaliza wachisiya m'manja mwawo. Palibe pamene wanena kuti msonkhano wawo ndi wosafunika. Wangonena kuti mbali yako wakwaniritsa.

Limbani: Ndiwonjezeko za mabatani, poti ine ndi wa makompyuta ndipo madandaulo otere amandipeza. Mu Outlook ya pa kompyuta imene ambiri tinaizolowera, mukadina `Decline` imakufunsani zinthu zitatu: `Edit the Response before Sending`, `Send the Response Now`, kapena `Do Not Send a Response`. Mukasankha yachiwiriyo, woitanayo amalandira imelo yomwe mutu wake umayamba ndi `Declined:` ndipo mkati mwake mulibe mawu. Imeneyo ndi imene imapweteka anthu. Munthu akuona dzina lanu, mawu oti mwakana, basi.

Chinanso: mukakana, msonkhanowo umachoka pa kalendala yanu. Bwanayo akati ayi bwerani ndithu, muyamba kusakasaka kalata yoitanira ija mu `Deleted Items`. Ndiye langizo langa, Tadala, uthenga wa Mayi Nachisale uutumize ngati imelo wamba, batani usalikhudze kaye. Akayankha kuti chabwino, m'pamene udine `Decline` ndi kamzere kamodzi koti "monga tagwirizana". Nthawi zambiri woitanayo amaufufuta yekha msonkhanowo, ndiye sufunikanso kukana chilichonse.

Tadala: Achimwene Limbani, ndiyankhe kwa onse kapena kwa iwo okha?

Limbani: Kwa iwo okha. `Reply`, osati `Reply All`. Ukayankha kwa onse, ngakhale mawu ako akhale aulemu chotani, waonetsa pagulu kuti msonkhano wa bwanayo unali wa mizere isanu. Aliyense aziwerenga yekha pakati pa mizere. Ngati manambalawo akufunika kwa enawo, asiye iwo atumize. Kwa amene mumagwiritsa ntchito Google Calendar, chenjeraninso ndi `Add note`: mawu amene mulembe pamenepo akhoza kuonedwa ndi ena oitanidwa, si woitana yekha.

Bambo Chirwa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndili mbali inayo, ndine mmodzi mwa oitanitsa misonkhanowo, ndiye ndiloleni ndiwalankhulire anzanga. Mwana wanga Tadala, ukunena kuti akufuna manambala atatu. Wadziwa bwanji? Chifukwa anakuuza pakhomo, mukudutsana. Munthu pakhomo amanena mutu wa nkhani, sanena nkhani yonse. Ngati akanafuna manambala atatu okha, akanakufunsa pomwepo kuti uwatumizire. Waitanitsa msonkhano wa anthu 6. Enawo ndi ndani?

Tadala: Awiri ndi a mu dipatimenti yawo, mmodzi wa zogulagula, wina ndi wachiwiri kwa bwana wanga, kenako ineyo ndi iwowo.

Bambo Chirwa: Ehe. Wa zogulagula akudzatani pa nkhani yongomva manambala? Ndipo wachiwiri kwa bwana wako waitanidwiranji ngati iwe wekha ukukwanira? Ine ndikaitana anthu otere, ndiye kuti pali chinthu chimene ndikufuna tigwirizane onse tili pamodzi, mwina kusuntha ndalama kuchoka ku gawo lina kupita ku lina, mwina pali nambala imene sindikuikhulupirira ndipo sindikufuna kuilemba. Zoterezi pa imelo zimatenga sabata, aliyense akuyankha nthawi yake, wina akuyankha funso la dzana. M'chipinda zimatha mphindi 20.

Sindikunena kuti upite. Ndikunena kuti usatsimikize kuti ukudziwa cholinga cha msonkhano umene ulibe ajenda.

Mayi Nachisale: Abambo anena zoona, ndipo ndi chifukwa chake uthenga uja uli ndi mawu oti "ngati izi zayankha zonse". Si ulemu chabe, ndi funso lenileni. Ine ndimasiyanitsa chonchi. Ngati nkhani ikuyenda mbali imodzi, wina ali ndi chidziwitso ndipo wina akuchifuna, imeneyo ndi ya imelo. Ngati anthu angapo akuyenera kuvomerezana chinthu chimene mmodzi akapindula wina ataya, kapena pali kusamvana kale, kapena uthenga wake ndi woipa kwa wina, imeneyo ndi ya pakamwa. Vuto la msonkhano wa Tadala ndi loti kuchokera panja sukuoneka kuti uli mbali iti.

Ukhoza kuwonjezera chiganizo chimodzi pambuyo pa manambala: "Kodi pali chimene chikufunika kuti tigwirizane pa msonkhanowu kupatula izi? Ngati chilipo ndiuzeni kuti ndikonzekere." Funso limeneli silinyoza munthu. Likuonetsa kuti uli wokonzeka kubwera ngati pali chobwerera.

Kondwani: Koma mayi, si ntchito ya woitana kulemba ajenda? Tikumunyengerera munthu amene sanachite mbali yake. Kwathu ku ntchito tinagwirizana kuti msonkhano wopanda ajenda aliyense ali ndi ufulu woukana.

Mayi Nachisale: Mwanena nokha: munagwirizana. Pamene pali mgwirizano wotere, kukana sikunyoza aliyense chifukwa ndi lamulo la onse. Kwa Tadala kulibe. Akayamba yekha kulitsata lamulo limene anzake sakulidziwa, adzangotchedwa wovuta. Ngati mukufuna lamulolo, malo ake ndi pa msonkhano wa dipatimenti, osati mu yankho la kwa munthu mmodzi amene wakuitanani lero.

Bambo Chirwa: Ndibwerere pa uthenga uja, pali chimene chikundidetsa nkhawa monga munthu amene analandirapo manambala a ku akaunti. Tadala akuti mabuku akutseka Lachisanu. Ndiye 72 peresenti imeneyo ndi ya mabuku osatseka. Chonenedwa pakamwa chimauluka, cholembedwa chimakhala. Bwanayo akatenga imelo yako n'kuitumiza kwa akuluakulu, kenako Lachisanu nambala n'kusintha kukhala 75, adzakufunsa ndiwe. Pa msonkhano ukanatha kunena kuti izi n'zongoyembekezera, aliyense n'kumva. Pa imelo uyenera kulemba zimenezo ndi dzanja lako.

Tadala: Zikomo abambo, ndiikapo kuti manambalawa ndi a mabuku asanatsekedwe ndipo otsimikizika adzakhala mu lipoti la Lachitatu.

Thoko: Pepani kulowerera, koma nkhaniyi yandikhudza. Ine vuto langa ndi bwana wanga weniweni. Lolemba lililonse timakhala ola ndi theka, aliyense akunena zimene wachita sabata yatha, mmodzimmodzi, anthu 11. Gawo langa ndi mphindi zitatu. Zotsalazo ndimangomvera nkhani zosandikhudza. Uthenga wa Mayi Nachisale ungagwire pamenepa?

Yamikani: Ngati ndi wa pa intaneti zimitsani kamera muzigwira ntchito zanu. Tonse timatero.

Mayi Nachisale: Thoko, yako ndi nkhani ina, tiibwerere Tadala akatumiza. Mwachidule, ayi, usautumize uthenga umenewo kwa bwana wako momwe ulilimo.

Limbani: Tadala, kanthu kena kakang'ono. Tayang'ana pa kalata yoitanirayo ngati dzina lako lili pa `Required` kapena `Optional`. Ngati lili pa `Optional`, woitanayo wanena kale kuti msonkhano ukhoza kuchitika popanda iwe, ndiye mtima ukhale m'malo.

Tadala: Tonse tili pa `Required`.

Limbani: Zimenezo sizikutiuza zambiri, anthu ambiri amangoika aliyense pamenepo chifukwa ndi mzere woyamba.

Chifundo: Funso langa ndi la nthawi. Lero ndi Lachiwiri. Atumize lero kapena adikire mawa madzulo kuti bwanayo asakhale ndi mpata wotsutsa?

Mayi Nachisale: Lero, ntchito isanathe. Kudikira kuti munthu asowe mpata ndi kumene kumaoneka ngati kuderera, ndipo anthu amazindikira. Ukatumiza lero, bwanayo ali ndi tsiku lathunthu loti awerenge, afunse china, aufupikitse msonkhano kapena aufufute anthu ena asanakonze tsiku lawo mozungulira ola limenelo. Ukatumiza Lachitatu usiku, wamusiya ndi anthu anayi m'chipinda ndi mpando wopanda munthu wa manambala.

Ndipo Tadala, usanatumize, kamuuze wachiwiri kwa bwana wako uja pakamwa. Iye waitanidwanso. Asakadzidzimuke Lachinayi kuti wa ku akaunti mnzake sanabwere ndipo mafunso onse akugwera iye.

Bambo Chirwa: Ineyo ndikanakonda kuti asanalembe n'komwe, angoimba foni kapena kugogoda pa chitseko. Mphindi ziwiri. "Bwana, manambala aja ndili nawo, ndikutumizireni pompano?" Munthu akamva mawu ako sangakuganizire mwano. Imelo ilibe nkhope.

Kondwani: Ndiye tikukana msonkhano pochititsa msonkhano wina?

Bambo Chirwa: Wa mphindi ziwiri m'malo mwa 60, wa anthu awiri m'malo mwa 6. Masamu anu omwe aja, achimwene.

Mayi Nachisale: Pamenepa ine ndi abambo tisiyana pang'ono. Foni ndi yabwino ngati munthuyo mumazolowerana. Koma pa foni wamkulu akangoti "ayi, tidzakambirana Lachinayi lomwelo", wamng'ono alibenso ponena, nkhani yatha. Imelo imamupatsa bwanayo mpata woona manambala kaye asanayankhe, ndipo akawaona m'pamene amazindikira yekha kuti chatsala n'chochepa. Komabe zimatengera munthu. Alipo mabwana amene imelo amaiwerenga pakapita masiku, amenewo aimbireni.

Tadala: Awa amawerenga msanga. Ndatumiza, ndaikamo zonse: manambala, mawu oti ndi a mabuku osatseka, funso la ngati pali chogwirizana, ndi nthawi ziwiri zija. Wachiwiri kwa bwana ndamuuza, wati nayenso samadziwa chimene waitanidwira.

Yamikani: Mwalimba mtima. Ine ndikanangopita n'kukakhala kumbuyo ndi laputopu.

Chifundo: A Yamikani, kukhala m'chipinda maso ali pa laputopu ndiye kunyoza kwenikweni. Woitana amaona. Bola amene wapempha poyera kuti asabwere.

Tadala: Ayankha. Ndikopere momwe alembera: "Zikomo Tadala, izi zathandiza. Koma 72 peresenti ya maulendo sikugwirizana ndi zathu, ife tikupeza pafupifupi 60. Ndi chimene ndimafuna tione. Tikumane 2 koloko Lachinayi monga wanenera, iwe ndi ine ndi wa zogulagula. Wa 10 koloko ndaufufuta."

Ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene pali kusiyanako. Ife timawerengera ndalama zimene anthu anatenga ngati adivansi ya ulendo ngakhale asanabweze malisiti, iwo amawerengera maulendo okhawo amene malisiti ake anabwera.

Bambo Chirwa: Mwaona? Inalipo nambala imene samaikhulupirira. Ukanangodina `Decline` monga amanenera achimwene aja, bwenzi akuganiza kuti ukuthawa funso.

Kondwani: Koma mwaonanso kuti anthu atatu apulumuka, ndipo ola lasanduka mphindi 15. Ndiye msonkhano woyambawo unalidi wosafunika momwe unalili. Ndipo kusiyana kwa adivansiko, Tadala, ukhoza kungowalembera pompano. Mwina ndi wa 2 koloko womwe ufufutidwa.

Mayi Nachisale: Apa ndiye ayi, a Kondwani. Tadala anapereka yekha mphindi 15 zimenezo. Bwanayo wazilandira, wasiya zake n'kutsata za Tadala. Akabwereranso n'kunena kuti izinso tichite pa imelo, ndiye kuti mpata uja anaupereka mwachiphamaso, ndipo ulendo wina sadzamukhulupirira. Usapereke nthawi imene sukufuna kuisunga.

Komanso nkhani yasintha mtundu. Poyamba inali yopereka manambala. Tsopano madipatimenti awiri akuwerengera mosiyana, ndipo ayenera kugwirizana kuti lipoti litsate njira iti. Tadala akalemba kuti kusiyanaku n'chifukwa choti anthu anu sanabweze malisiti, pa imelo zimveka ngati akuloza chala dipatimenti yonse. Pakamwa, ali ndi mndandanda m'manja, ndi nkhani ya mphindi zochepa. Chimene angachite ndi kutumiza mndandanda wa maadivansi osabwezedwawo Lachinayi m'mawa, ndi kamzere koti "izi zitithandiza masana ano", osaikapo ndemanga.

Kondwani: Chabwino, pa kusunga lonjezo ndavomera. Pa zoti imelo singathe kufotokoza nkhani ya malisiti, sindinakhutire. Zimatengera kalembedwe.

Thoko: Tsopano yanga ija, mayi?

Mayi Nachisale: Eya. Yako yasiyana pawiri. Woitana ndi bwana wako, amene ali ndi ufulu wonena mmene nthawi yako ya ntchito igwiritsidwire. Ndipo msonkhanowo ndi wa sabata ndi sabata, ndiye ukaukana kamodzi palibe chimene chasintha, ukaukana kawirikawiri waoneka kuti wadzipatula pa gulu. Kwa bwana wako sukana, umamupatsa chisankho. Sabata imene uli ndi ntchito yothina umuuze kuti: "Bwana, lipoti lija mukulifuna Lolemba masana. Ndikakhala pa msonkhano wa m'mawa lifika Lachiwiri. Ndikutumizireni gawo langa polemba kuti ndimalize lipotilo, kapena ndikhale nawo?" Asankhe yekha. Akasankha msonkhano, pita ndi mtima umodzi.

Zosintha msonkhano wonsewo ndi nkhani yokambirana pa awiri, pa nthawi imene palibe chakupsetsa mtima. Ndipo upite ndi choyesera chaching'ono, osati dandaulo. Mwachitsanzo, kwa mwezi umodzi aliyense azilemba mizere itatu Lachisanu, zimene wamaliza, zimene akuchita, ndi pamene pamuvuta, ndiye Lolemba muzikambirana zovutazo zokha kwa mphindi 30. Udzipereke kuti ndiwe uzisonkhanitsa zolembazo. Bwana savomera msanga chinthu chimene chikumuwonjezera ntchito.

Bambo Chirwa: Ine pamenepa ndikayika. Msonkhano wa Lolemba wotere sukhala wa malipoti okha. Kwa mabwana ena ndi nthawi yokhayo pa sabata imene amaona anthu awo onse pamodzi, n'kudziwa amene watopa, amene sakulankhulana ndi mnzake. Zimenezo sizilembedwa m'mizere itatu. Thoko akuona mphindi zitatu zake, bwana akuona chipinda chonse. Ndipo mizere ya Lachisanuyo, sabata ziwiri zoyamba anthu amalemba, yachitatu theka aiwala.

Thoko: Koma abambo, ola ndi theka? Ena amafotokoza imelo iliyonse imene anatumiza.

Bambo Chirwa: Limenelo ndi vuto la woyendetsa msonkhano, osati la msonkhano. Pempha kuti aliyense azipatsidwa mphindi zitatu ngati zako. Anthu 11 ndi mphindi 33.

Chifundo: Nanga amene amalankhula kwambiriyo akakhala bwana mwini wake?

Thoko: Ndiye mwaigwira nkhani yake.

Limbani: Pamenepo palibe batani lothandiza.

Mayi Nachisale: Thoko, kodi pa anthu 11 aja alipo wina amene bwana amamumvera, amene akhala limodzi nthawi yaitali? Ngati alipo, yamba wakambirana ndi ameneyo umve ngati nayenso zimamulemera. Mwina ndi iye woyenera kukaitula nkhaniyi, osati iwe.

Thoko: Alipo mayi wina, koma ndi amene amaukonda kwambiri msonkhanowo. Ndiyesa kaye za kufunsa sabata imene ndili ndi lipoti, Lolemba likubwerali ndili nalo.